Ndime zanga za ndondomeko ya nthawi zikukana kulowa m'tebulo

Nachisale_M

Moni nonse. Ndikulemba pulopozo ya kafukufuku wa digiri yachiwiri, ndipo amene akundiyang'anira andibwezera gawo la ndondomeko ya nthawi. Akuti ndichotse ndime zimene ndinalemba, m'malo mwake ndiike tebulo loonetsa magawo a kafukufuku, ntchito za m'gawo lililonse, ndi chimene chidzatuluke pa ntchito iliyonse. Kafukufukuyu ndi wa miyezi 12, wofuna kudziwa chifukwa chimene odwala matenda othamanga magazi amasiyira kumwa mankhwala. Ndinalemba motere:

"M'miyezi iwiri yoyambirira ndidzawerenga zimene ena analemba kale ndi kukonza mafunso. Kenako ndidzapempha chilolezo ku komiti yoona za chitetezo cha anthu otenga nawo mbali, zimene zidzatenge miyezi iwiri. Pambuyo pake ndidzayesa mafunso kwa mwezi umodzi, ndi kusonkhanitsa deta kwa miyezi itatu: anthu 200 adzayankha mafunso a pafomu, ndipo 20 ndidzacheza nawo mozama kwa ola limodzi aliyense. Kusanthula kudzatenga miyezi iwiri, kulemba miyezi itatu, ndipo m'mwezi womaliza ndidzakonza zolakwika ndi kupereka lipoti."

Ndayesa kuika chiganizo chilichonse mumzere wakewake, koma kolamu ya zotuluka ikungobwereza zimene zili m'kolamu ya ntchito. Pamene pali "kuwerenga zimene ena analemba" ndalemba kuti "zimene ena analemba zawerengedwa". Ndikuona ndekha kuti sizikupereka nzeru, koma sindikudziwa polakwika.

Tiyamike_R

Nkhaniyi ndi yosavuta, achemwali. Ngati mukugwiritsa ntchito Word, lekanitsani mawu a mumzere uliwonse podina `Tab`, musankhe zonse, kenako mupite pa `Insert`, `Table`, `Convert Text to Table`. Tebulo lidzapangika lokha.

Kadzidzi

A Tiyamike_R, funso silinali la kajambulidwe ka tebulo, koma la zolemba m'kati mwake. A Nachisale_M, musanapitirire, wonkhetsani miyezi imene mwatchula m'ndimemo, mutiuze imene mwapeza.

Nachisale_M

Ndawonkhetsa kawiri ndipo ndikupeza 14, pamene ndili ndi miyezi 12 yokha. Ndimeyi ndinaiwerenga kambirimbiri osaona zimenezi.

MlembiWakale

Musadandaule, a Nachisale_M, chifukwa chimene mwapezachi ndicho chikuchititsa kuti akuuzeni kupanga tebulo. M'ndime mawu ngati "kenako" ndi "pambuyo pake" amamunyamula wowerenga kuchoka pa ntchito ina kufika pa ina popanda kumuchititsa kuwerengera, ndipo wolemba naye amanyamulidwa chimodzimodzi. Tebulo limafuna kuti ntchito iliyonse ikhale ndi mwezi woyambira ndi mwezi wothera, motero miyezi iwiri yowonjezerayo imasowa pobisala.

Pa vuto la kolamu yobwerezayo, ndikupemphani kuti muyambire kumanja kwa tebulo, osati kumanzere. Lembani zotuluka poyamba, ntchito pambuyo. Pa chotuluka chilichonse dzifunseni kuti: amene akundiyang'anira atanena kuti "ndionetseni", ndingawapatse chiyani m'manja kapena kuwatumizira chiyani? "Zimene ena analemba zawerengedwa" simungazipereke kwa munthu, ndiponso palibe tsiku limene mungaloze kuti kuwerenga kwatha, popeza munthu amawerenga mpaka tsiku lopereka lipoti. Koma mutalemba kuti "mutu 2 wa lipoti wolembedwa koyamba, wotumizidwa kwa wondiyang'anira", chimenecho chili ndi tsiku lake, ndipo wina angathe kutsimikiza kuti chilipo kapena palibe. Kolamu ya ntchito ikhale ndi mawu oyamba ndi "ku-", monga kuwerenga, kukonza, kufunsa. Kolamu ya zotuluka ikhale ndi mayina a zinthu, monga fomu, kalata, fayilo, mutu wa lipoti, ndipo pamene pali chiwerengero muchitchule.

Mukachita motero muona kuti chiganizo chimodzi sichifanana ndi mzere umodzi. Chiganizo chanu choyamba chili ndi ntchito ziwiri, ndipo yachiwiriyo, imene mwangoti "kukonza mafunso", imabala zinthu zitatu: fomu ya mafunso ya anthu 200 aja, mndandanda wa mafunso otsogolera macheza, ndi fomu imene munthu amasainira povomera kutenga nawo mbali. Komiti nthawi zambiri imafuna kuona zonse zitatu pamodzi ndi pempho lanu, ndiye ngati chimodzi sichinaonekere m'tebulo, n'chapafupi kudzachikumbukira sabata yotumiza pempholo.

Palinso ntchito ziwiri zimene ndime yanu sinatchule n'komwe. Mwachoka pa kusonkhanitsa deta n'kufika pa kusanthula, ngati kuti mafomu 200 adzalowa okha m'kompyuta ndipo macheza ojambulidwa adzasanduka okha mawu olembedwa.

Chikumbutso

Mfundo yomalizayi ndiyo inandipweteka ine. Ndinali ndi macheza 12 okha, ndipo m'ndondomeko yanga ndinaika sabata imodzi yowalemba, poganiza kuti ola limodzi la mawu ojambulidwa limatenga ola limodzi kulilemba. Tsiku loyamba ndinakhala pansi m'mawa nditavala zomvera m'makutu, ndipo dzuwa limapendeka ndisanamalize macheza a munthu mmodzi. Munthuyo ankalankhula motsitsa mawu, panja pankadutsa magalimoto, ndipo chiganizo chimodzi ndinkachibwereza katatu kapena kanayi. Ntchito yonse inanditengera pafupifupi mwezi, ndipo mwezi umenewo unadyedwa pa nthawi yolemba lipoti.

MlembiWakale

Zimene akunena a Chikumbutso n'zimene ambiri amakumana nazo. Kawirikawiri ola limodzi la macheza limatenga maola 4 mpaka 6 kulilemba pamanja, ndipo limaposa pamenepo ngati mawu sakumveka bwino kapena ngati mudzawamasulirenso m'chilankhulo china. Tiyeni titenge maola 5. Macheza 20 ndi maola 100, ndipo munthu amene akulemba maola 4 pa tsiku, chifukwa makutu ndi msana zimatopa, adzafuna masiku 25 ogwira ntchito, omwe ndi masabata asanu. Mafomu 200, ngati iliyonse ikutenga mphindi 10 kuilowetsa, ndi maola oposa 33, tisanawerengere nthawi yofufuza zolakwika ndi malo osayankhidwa. Choncho, a Nachisale_M, ntchito zanu mutaziika motsatizana zikupitirira miyezi 15, osati 14.

Nachisale_M

Zikomo, koma pamenepa mwandiwonjezera nkhawa. Miyezi itatu yoposerayo ndiichotsa pati? Kodi ndichepetse chiwerengero cha anthu?

Mphunzitsi77

Musachepetse anthu. Njira yake ndi yoti ntchito zina ziziyendera limodzi. Miyezi iwiri yodikira komiti ija simukuchita kanthu, ndiye yesani mafunso anu nthawi imeneyo pa odwala 15, kuti kalata ikamatuluka mukhale mutakonzeka kale. Mwezi umodzi mwaupeza pamenepo.

Kadzidzi

Ayi, abambo, pamenepo muwasokeretsa. Kufunsa odwala enieni mafunso a kafukufuku chilolezo chisanatuluke, ngakhale mukuti n'kuyesa chabe, makomiti ambiri amakuona kuti ndi kuyamba kafukufuku popanda chilolezo. Munthu wa komiti akaona m'tebulo kuti mwezi 3 pali kuyesa mafunso pamene kalata ikutuluka mwezi 4, akhoza kubweza pempho lonse.

Mphunzitsi77

Ife tinachita choncho ndipo palibe amene anatifunsa. Koma ndikuvomera kuti athu sanali odwala, anali anzathu a m'kalasi amene tinawapatsa fomu kuti atiuze mafunso osamveka.

MlembiWakale

Ndiye kuti nonse awiri muli ndi mbali ya zoona. Kupatsa anzanu fomu kuti aone ngati mawu akumveka si kusonkhanitsa deta, ndipo malo ake abwino ndi mwezi 2, pempho lisanapite. Kuyesa pa anthu ofanana ndi amene mudzawafunse kudikire kalata, pokhapokha ngati malamulo a komiti yanu akunena zina, ndipo malamulowo muwawerenge musanalembe mzere umenewu. Chimene a Mphunzitsi77 aona bwino n'chakuti miyezi yodikira si yongokhala. Mitu 1 ndi 3, wa chiyambi ndi wa njira zochitira kafukufuku, sifuna deta iliyonse, ndipo mbali yaikulu ya mitu imeneyi imachokera m'pulopozo momwemo. Mukailemba nthawi yodikira, miyezi itatu yolemba ija itsika kufika pa iwiri. Kuyesa mafunso pa anthu 15 sikufuna mwezi wathunthu, masabata awiri akukwana. Kulowetsa mafomu ndi kulemba macheza kungayambe kusonkhanitsa kuli m'kati. Ine ndikanalemba motere:

| Gawo | Ntchito | Miyezi | Chotuluka |
|---|---|---|---|
| 1. Kukonzekera | 1.1 Kuwerenga zimene ena analemba | 1–2 | Mutu 2 wolembedwa koyamba |
| | 1.2 Kukonza zida zofunsira | 1–2 | Fomu ya mafunso, mafunso a macheza, fomu yovomera |
| | 1.3 Kupempha chilolezo ndi kuyankha ndemanga za komiti | 3–4 | Kalata ya chilolezo |
| | 1.4 Kulemba chiyambi ndi njira | 3–4 | Mitu 1 ndi 3 yolembedwa koyamba |
| 2. Kusonkhanitsa | 2.1 Kuyesa mafunso pa anthu 15 | 5 (masabata awiri) | Fomu yokonzedwa |
| | 2.2 Kufunsa mafunso a pafomu | 5–7 | Mafomu 200 odzazidwa |
| | 2.3 Kucheza ndi anthu mozama | 6–7 | Macheza 20 ojambulidwa |
| 3. Kusanthula | 3.1 Kulowetsa mafomu ndi kulemba macheza | 6–8 | Fayilo ya deta yotsukidwa, macheza 20 olembedwa |
| | 3.2 Kusanthula deta yonse | 8–9 | Matebulo a zotsatira, mitu ikuluikulu ya m'macheza |
| 4. Kulemba | 4.1 Kulemba zotsatira ndi tanthauzo lake | 10–11 | Lipoti lathunthu lolembedwa koyamba |
| | 4.2 Kukonza ndi kupereka | 12 | Lipoti lomaliza |

Onani kuti malire a magawo ndawaika pamene pali khomo limene simungadutse chinthu china chisanapezeke. Gawo 2 silingayambe popanda kalata ya pa 1.3. Ichi ndicho chimasiyanitsa gawo ndi ntchito: mukakhala ndi magawo asanu ndi atatu, lililonse la ntchito imodzi, ndiye kuti mwangopatsa ntchito dzina lina.

Nyenyezi

Tebuloli likuoneka bwino papepala, koma ndikukayika ngati munthu mmodzi angalikwanitse. Kuyesa kukatha m'kati mwa mwezi 5, patsala masabata pafupifupi 10 ofunsa anthu 200, kutanthauza anthu 20 pa sabata, kapena anayi tsiku lililonse logwira ntchito. Tsono m'miyezi 6 ndi 7 munthu yemweyo akufunsa anthu anayi pa tsiku, akucheza ndi ena mozama, ndipo madzulo akulowetsa mafomu ndi kulemba macheza. Miyezi itatu ija sinachoke, mwangoiunjika pamwamba pa inzake. Kuipa kwa tebulo n'kwakuti mizere iwiri ingathe kukhala ndi miyezi yofanana popanda chilichonse chokuchenjezani kuti mizere yonseyo ikugwera munthu mmodzi.

MlembiWakale

Mwanena zoona, amayi, ndipo sindikutsutsa. N'chifukwa chake ndinafikitsa 3.1 m'mwezi 8, kuti zambiri za kulemba macheza zichitike kusonkhanitsa kutatha, koma ndikuvomera kuti zimenezi zikupanikiza kusanthula. Njira yodziwira ndi kuwerenga tebulo motsika, mwezi ndi mwezi, osati mopingasa mokha. Mutenge mwezi 6, muone mizere yonse imene ili m'mwezi umenewo, muwonkhetse maola ake, ndipo muyerekeze ndi maola amene mulidi nawo. A Nachisale_M, kodi muli ndi wokuthandizani, ndipo kodi muli pa ntchito ina?

Nachisale_M

Sindili pa ntchito ina, ndipo m'bajeti ndinaika wothandiza mmodzi wa miyezi iwiri, ngakhale kuti m'ndime ya nthawi sindinamutchule.

Nyenyezi

Ndiye onjezani kolamu ya wochita, ndipo wothandizayo aonekere pa 2.2 ndi pa kulowetsa mafomu. Pafunikanso mzere womuphunzitsa, chifukwa sangayambe kufunsa anthu tsiku lomwe wafika. Owunika pulopozo amayerekeza bajeti ndi tebulo, ndipo akapeza munthu wolipidwa amene alibe ntchito m'ndondomeko, kapena ntchito yofuna ndalama imene ilibe mzere m'bajeti, amafunsa.

Kolamu yomweyo idzakuonetsani china chimene ndikuona kuti chasowa. Pakati pa 4.1 ndi 4.2 pali nthawi imene lipoti lili m'manja mwa wokuyang'anirani, ndipo nthawi imeneyo simuilamulira inu. Afunseni lero kuti amafuna masabata angati kuti awerenge lipoti lathunthu, ndipo muike mzere wake wokhala ndi chotuluka chakuti "ndemanga zolembedwa". Akati masabata atatu, ndiye kuti 4.1 iyenera kutha kumayambiriro kwa mwezi 11, osati kumapeto.

Kadzidzi

Ine pa 1.3 sindikugwirizana nazo. Kalata ya chilolezo simuilemba inu, imalembedwa ndi komiti, ndiye simungalonjeze chinthu chimene chili m'manja mwa ena. Chotuluka chanu ndi pempho lathunthu lotumizidwa kumapeto kwa mwezi 2. Kalatayo ndi chizindikiro chabe chakuti mwafika pena pake, ndipo ikhale ndi kolamu yake kapena ilembedwe pansi pa tebulo.

MlembiWakale

Kusiyanitsa kumeneko kulipodi, ndipo mabungwe ena opereka ndalama za kafukufuku amafuna kuti zizindikiro za pamene mwafika zilembedwe padera ndi zotuluka. Pa pulopozo ya wophunzira ine ndimasiya kalatayo m'kolamu ya zotuluka, chifukwa ndi pepala logwirika limene pamapeto pake limaikidwa kumbuyo kwa lipoti, ndipo makolamu akachuluka tebulo limavuta kuwerenga. Koma ngati sukulu yanu ili ndi fomu yakeyake, tsatirani imeneyo.

Kadzidzi

Ndikuonabe kuti n'kulakwa kuziphatikiza. Komiti ikachedwa mwezi umodzi, tebulo lidzaonetsa ngati wophunzira ndiye walephera.

Tiyamike_R

Pepani chifukwa poyamba paja ndinayankha mothamanga. Koma bwanji osangojambula tchati cha Gantt, chokhala ndi miyezi pamwamba ndi timabokosi todetsedwa? Chimaonetsa nthawi yomweyo kuunjikana kumene a Nyenyezi akunena. Ndiwonjezereponso kuti tebulo likadutsa tsamba limodzi mu Word, sankhani mzere wa pamwamba n'kudina `Repeat Header Rows`, kuti mitu ya makolamu ionekenso patsamba lotsatira.

Nyenyezi

Tchati chimenecho n'chothandiza poona ntchito zoyendera limodzi, koma sichinena chimene chikutuluka, ndipo a Nachisale_M apemphedwa zotuluka. Achijambule podziyesa okha, ndipo ngati malo alipo achiike pansi pa tebulo. Chofunika n'chakuti manambala a ntchito, 1.1, 1.2 ndi ena onse, akhale ofanana m'zonse ziwiri.

Chikumbutso

Ndifunseko pa kolamu ya miyezi. N'chifukwa chiyani mukulemba 1 mpaka 12 m'malo mwa mayina a miyezi? Amene ankandiyang'anira ine ankafuna masiku enieni.

MlembiWakale

Chifukwa chake n'chakuti polemba pulopozo simudziwa tsiku limene adzaivomereze. Mukalemba mayina a miyezi, chivomerezo n'kuchedwa masabata asanu ndi limodzi, mizere yonse imakhala yolakwika ndipo mumayamba kukonza umodziumodzi. Mukalemba manambala, mumangonena pamwamba pa tebulo kuti mwezi 1 ndi mwezi wotsatira chivomerezo. Amene akufuna masiku enieni mungawapatse kolamu yowerengera yokha mu Excel. Tsiku loyambira likakhala mu `B1`, ndipo nambala ya mwezi ikakhala mu `C5`, chiyambi cha mwezi umenewo ndi:

```
=EDATE($B$1, C5-1)
```

Mukasintha `B1`, masiku onse amasuntha. Pamene mayina a miyezi ali ofunikadi ndi pa kafukufuku wodalira nyengo ya chaka kapena nthawi imene sukulu zili zotsegula, popeza pamenepo kusuntha tsiku loyambira kumasintha ntchito yeniyeniyo, kapena ngati komiti imakumana pa masiku oikika, oti mukaphonya limodzi mumadikira mkumano wotsatira.

Mphunzitsi77

Nanga ndime zija azitaye zonse? Ine ndimaona kuti tebulo lokha ndi louma, silifotokoza chifukwa chimene ntchito zatsatirana motero.

Nyenyezi

Asazitaye zonse, koma asabwerezenso zimene zili m'tebulo, chifukwa chinthu cholembedwa kawiri chimadzakonzedwa pamalo amodzi n'kuiwalika pena. Ziganizo zitatu kapena zinayi pamwamba pa tebulo zikukwana, zonena zimene tebulo silingathe kunena: pamene mwezi 1 ukuyambira, kuti gawo 2 likudalira kalata ya chilolezo, ndi chimene adzachite kalatayo ikachedwa. Kwa ine chinandigwira chinali china. Wowunika anatenga zolinga zanga zitatu n'kufunafuna chilichonse m'tebulo, ndipo cholinga chachitatu, chofuna maganizo a ogwira ntchito, chinalibe mzere ngakhale umodzi. Ndinali nditachilemba patsamba lachiwiri la pulopozo n'kuchiiwala pofika kumapeto. A Nachisale_M, tengani zolinga zanu chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse muloze mzere umene deta yake ikusonkhanitsidwa ndi mzere umene ikusanthulidwa.

Nachisale_M

Ndachita zimenezo usiku wathawu. Zolinga zanga zonse zitatu zili ndi mizere yake, ndawonjezera kolamu ya wochita, mzere wophunzitsa wothandiza m'sabata yachiwiri ya mwezi 5, ndi mzere wa ndemanga za wondiyang'anira, amene wandiuza kuti amafuna masabata atatu. Nditawerenga motsika monga ananenera a MlembiWakale, mwezi 7 unali wolemera kwambiri, ndiye ndasiya macheza 20 onse m'manja mwanga ndipo mafomu ambiri ndawapatsa wothandiza. Pa 1.3 ndagawa mizere iwiri, pempho lotumizidwa ndi kalata yolandiridwa, ndipo pa wachiwiriwo wochita ndi komiti.

Chatsala ndi ichi: tebulo langa tsopano ladzaza miyezi 12 yonse popanda mpata. Komiti ikachedwa mwezi umodzi, kapena ikafuna kuonanso fomu ndikaisintha pambuyo poyesa, ndilibe potenga nthawi. Kodi n'kololedwa kuika mzere wa nthawi yapadera wopanda chotuluka?

Kadzidzi

Mzere wopanda chotuluka owunika ena amaufunsa. Ine ndimabisa mpatawo m'mizere yodalira anthu ena, monga kuika miyezi itatu pa chilolezo ngakhale ndikuyembekeza iwiri.

MlembiWakale

Ine ndingakonde kuti mpatawo uonekere poyera m'ziganizo za pamwamba pa tebulo, chifukwa mpata wobisika umadyedwa mosadziwa. Koma kaya mwaubisa kaya mwauonetsa, mwezi umenewo uyenera kuchokera pa ntchito ina, ndipo m'tebulo lanu malo okhawo amene ndikuona ndi macheza. Anthu asanu aliwonse amene mungachotse pa 20 aja akubwezerani maola 25 olemba, kuwonjezera nthawi yocheza nawo ndi yosanthula. Ngati macheza 15 angakwanire kuyankha cholinga chanu si ine woweruza, ndipo chiwerengerocho chikasintha muyenera kusinthanso mutu wa njira ndi bajeti. Funso limeneli mupite nalo kwa wokuyang'anirani pamodzi ndi tebulo, muwaonetse mwezi 7 ndi mwezi 8 ndi maola amene mwawonkhetsa.